Nyimbo ya tsiku la mphete: yachilendo kapena yathu yomwe ija?

Mphwanga anatulukira kwathu ku Area 25 Loweruka lina madzulo m'mwezi wa Juni, kabokosi ka mphete kali m'thumba la jekete. Malo anali atasankha kale, ku Senga Bay. Tsikunso anali atalipeza, Loweruka loyamba la Ogasiti, pomwe bwenzi lake, namwino, amakhala atamaliza sabata yogwira usiku. Chinatsala chinali chimodzi chokha, ndipo n'chimene chinamuyendetsa mtunda wonsewo.

"Achimwene, ndapeza nyimbo," anatero akutulutsa foni. "Sanayambe wandimvapo ndikuyiimba. Ikangolira, adabwa."

Anandionetsa kanema wa ku Portland, ku America, wa mu 2012. Mwamuna wina anakhazika bwenzi lake kumbuyo kwa galimoto yoyenda pang'onopang'ono, atamuveka zomvera kukhutu, ndipo abale ndi anzawo oposa 60 ankatulukira mumsewu akuvina nyimbo ya Bruno Mars yotchedwa "Marry You". Kanemayo anaonedwa ndi anthu miyandamiyanda, ndipo kuchokera pamenepo nyimboyo yaperekeza mphete zambiri. Mphwanga sankafuna gule wa mumsewu ayi. Ankafuna nyimbo yokhayo, chifukwa dzina lake likunena kale chimene iye ankafuna kunena.

Mwambo wogwada ndi mphete ndi wobwera. Kwathu mnyamata ankafunsira mbeta, akaloledwa n'kupereka chikole, kenako nkhani inkachoka m'manja mwa awiriwo n'kupita kwa amalume ndi ankhoswe. Mpaka lero mphete siilowa m'malo mwa chinkhoswe, ndipo wogwada asanadziwike n'komwe kwawo kwa mkazi amakhala wadumpha khomo. Komabe achinyamata a ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ngakhale amene ali ku Joni autenga mwambowu n'kuuika patsogolo pa zonsezo ngati kamphindi ka awiri okha, ndipo pafupifupi nthawi zonse pamakhala nyimbo. Ndiye funso la mphwangali ndi la anthu ambiri: uike nyimbo yoti mnzakoyo sakuiyembekezera, kapena ija nonse mumaidziwa kuti ndi yanu?

Ndinamupempha kuti tiyambe tawerenga mawu a nyimbo yakeyo, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, sipika itazimitsidwa. Sanafike n'komwe pakati. Woimba m'nyimboyo akunena za anthu awiri amene amwa, ndalama zili m'thumba, ndipo akufunafuna chinthu chopanda nzeru choti achite usiku umenewo. Ukwati ndiye chinthucho. Chapatsogolo akuuza mkaziyo kuti kukacha akafuna kuti zithe, palibe mlandu. Ndi nyimbo yosangalatsa, yovinika, ndipo kwa anthu okonda nthabwala amene onse akudziwa zimene ikunena ingathe kukhala yoyenera. Koma mphwanga ankakonzekera kulonjeza moyo wake wonse kwa munthu wa mapemphero, wosakhudza mowa, ndiponso womva Chingerezi kuposa iyeyo.

Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Nyimbo zotere zilipo zambiri, ndipo zina mwa izo n'zimene anthu amathamangira akafuna yachikondi. "I Will Always Love You", imene ambiri timaidziwa m'mawu a Whitney Houston kuyambira 1992, ndi nyimbo yotsazikana. Dolly Parton anailemba mu 1973 posiyana ndi Porter Wagoner, amene ankagwira naye ntchito yoimba, ndipo woimbamo akuchoka, sakubwera. "Every Breath You Take" ya gulu la The Police, ya mu 1983, imalira m'maukwati ambiri, chonsecho mwiniwake Sting anailemba banja lake loyamba likutha, ndipo iye yemwe wanenapo kangapo kuti ndi nyimbo ya nsanje ndi kulondalonda munthu. Tikabwera kuno kwathu ku Africa, "Malaika", imene anaitchukitsa Fadhili William wa ku Kenya ndi Miriam Makeba, ndi dandaulo la mnyamata amene akulephera kukwatira wokondedwa wake chifukwa chosowa chuma. "Neria" ya Oliver Mtukudzi ndi yotonthoza mayi wamasiye. Zonsezi zimatsetsereka bwino m'khutu, ndipo munthu wosamva Chiswahili kapena Chishona angazitenge ngati mphatso yabwino. Vuto limadza pakapita masiku, mkaziyo akakhala pansi n'kufufuza tanthauzo la nyimbo imene anamufunsira nayo ukwati. Ndithu adzafufuza.

Apa ndi pamene pagona kusiyana kwenikweni kwa nyimbo ziwirizi, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Nyimbo yachilendo ilibe mbiri pakati panu. Chimene ili nacho ndi mawu ake ndi kamvekedwe kake basi, choncho katundu yense wa tanthauzo amausenza mawuwo. Akakhala olakwika, palibe chowawombola. Nyimbo yanu ija ndi yosiyana. Tanthauzo lake silichokera kwa woipeka koma ku zimene zinkachitika pamene inkalira: basi imene munakwera, mvula imene inakutsekerani pakhonde la sitolo, mbale zimene munkatsuka. Mawu ake angathe kukhala onena za ulimi wa fodya, koma kwa inu awiri ikunena za inu.

Akatswiri a maganizo a munthu anazifufuzapo izi. Mu 1968, Robert Zajonc anaonetsa kuti munthu akaona kapena kumva chinthu mobwerezabwereza amayamba kuchikonda, ngakhale chikhale mawu opanda tanthauzo kapena nkhope ya munthu wosamudziwa. Ndi chifukwa chake nyimbo imene inakunyansani tsiku loyamba mumapezeka mukuing'ung'udza pakatha sabata ziwiri ikulira m'minibasi. Tanthauzo lake pa nkhani yathuyi n'loti nyimbo yomvedwa koyamba imakhala pa tsiku lake lofooka kwambiri. Siinapeze mpata wokondedwa. Ofufuza ena, a pa Yunivesite ya Macquarie ku Australia motsogozedwa ndi Celia Harris, anafunsa anthu 200 a ku America amene anali pa chibwenzi kapena pa banja ngati ali ndi nyimbo imene amaitcha yawo. Pafupifupi 60 mwa 100 alionse anati ali nayo, ndipo nyimbozo zinkawakumbutsa nthawi zenizeni zimene anakhala limodzi. Dziwani kuti otsalawo, omwe si ochepa, analibe, ndipo kwa iwowo tibwerako.

Palinso china chimene anthu okonza tsikuli amaiwala, chifukwa iwo akhala akulikonzekera kwa miyezi. Wofunsidwayo sanakonzekere. Akangoona mnzake akupinda bondo, mtima umathamanga, maso amafunafuna ngati pali anthu akuonerera, mutu umadzaza ndi mayi ake, tsitsi lake, yankho lake. Munthu ali m'menemo sangamvetsere vesi yachiwiri ya nyimbo imene sanaimvepo. Imangokhala phokoso lokoma chapatali. Pamene nyimbo yodziwika imazindikirika m'masekondi awiri kapena atatu oyambirira, mawu asanayambe n'komwe, ndipo imagwira ntchito yake yonse pomwepo. Funso lenilenilo ndi lodzidzimutsa kale mokwanira. Ine ndimaona kuti pafunika chinthu chimodzi chodziwika choti munthuyo atsamire, ndipo nyimbo ndi imene ingagwire ntchito imeneyo bwino kuposa maluwa kapena makandulo.

Mphwanga anavomera, koma mwamsanga kwambiri moti ndinakayika.

"Basi ndaipeza ina, achimwene. Pali nyimbo ya kwaya imene amakonda. Akamaphika amaiimba, akamachapa amaiimba. Ndi imeneyo."

"Iweyo umaiimba naye?"

"Ayi, ine ndimangomva."

"Unayamba wamufunsapo chifukwa chake amaikonda?"

Sanayankhe. Ndiye ndinamuuza kuti aimbire foni mkulu wake wa mtsikanayo, yemwe ankadziwa kale za mpheteyo. Anaika foni pa sipika. Atangotchula nyimboyo, kunakhala chete pang'ono, kenako mayiyo anati, "Alamu, imeneyo musaike chonde. Ndi imene inaimbidwa potsitsa bokosi la bambo athu. Amaiimba akawasowa."

Ngozi yaikulu ya nyimbo yodziwika ndi imeneyi: kusokoneza nyimbo yake ndi nyimbo yanu. Munthu amafika m'chibwenzi atasenza kale nyimbo zake, za kumaliro, za kusukulu yogonera konko, za chibwenzi china chimene chinatha mowawa. Kuti amaiimba kawirikawiri sizitanthauza kuti imamusangalatsa. Njira yodziwira ndi yosavuta. Nyimbo ndi yanu ngati ikalira mwangozi, mwina mu shopu kapena pa wailesi, nonse mumayang'anana musanalankhule. Ndi yanu ngati aliyense wa inu atafunsidwa payekha angatchule malo ndi nthawi yofanana. Ngati iye anali nayo kale musanakumane, funsani mbiri yake kwa munthu amene anakula naye, chifukwa mwina mukuitanira mlendo wachitatu pamalo a anthu awiri.

Nditamufunsa choncho, mphwanga anaseka yekha asanayankhe, ndipo kusekako kunandiuza kuti tafika. Anati ilipo, koma si yachikondi. Ndi "Linny Hoo" ya agogo athu Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, imene anaimbanso ndi Patience Namadingo mu 2020 kenako n'kufalikira dziko lonse lapansi pa TikTok. Awiriwa anakumana nyimboyi ili m'kamwa mwa aliyense. Pa ulendo wawo woyamba wopita ku Dedza, basi inawonongeka panjira, ndipo anakhala maola atatu m'mbali mwa msewu akugawana zomvera kukhutu, wina kumanja wina kumanzere, foni ili ndi nyimbo zisanu zokha. Kuchokera tsiku limenelo, wina akakwiya mnzake amangoyamba kuing'ung'udza, mkangano n'kuzirala.

"Koma achimwene, ija ndi ya bambo kuimbira mwana wake wamkazi. Ndigwade ndi imeneyo?"

N'zoona, a Chalamanda anaipekera mwana wawo. Koma nkhawa imene tinali nayo pa nyimbo ya Bruno Mars siigwira pano, chifukwa palibe chobisika choti mtsikanayo adzatulukire mawa. Onse awiri akudziwa zimene ikunena, ndipo mawu ake alibe chotsutsana ndi lonjezo la ukwati. Malire ake ndi amenewo. Nyimbo yanu siifunika kunena za chikondi, koma isanene zosiyana, chigololo kapena imfa, chifukwa kanema wa tsikulo adzaonedwa ndi apongozi amene sadziwa za basi ya ku Dedza ndipo adzangomva mawu okhawo.

Chinatsala ndi njala yake yofuna kudabwitsa, ndipo njala imeneyo ndi yabwino, siyofunika kuipha. Munthu amafuna mnzake aone kuti anakhala pansi n'kuganiza, osati kungotola zimene zinali pafupi. Ndiye tinasamutsa chodabwitsacho. M'malo moti chikhale pa dzina la nyimbo, chikhale pa kaimbidwe kake. Mtsikanayo anali ataimva kambirimbiri pa foni, koma sanaimvepo pa gitala wamoyo, pang'onopang'ono, popanda woimba mawu, m'mphepete mwa nyanja. Khutu limazindikira njira ya nyimbo ngakhale liwiro litasintha, koma limatenga kamphindi, ndipo kamphindi kameneko, pamene munthu akuti "ndikuidziwa iyi" asanaigwire bwinobwino, n'kokoma kuposa kudabwa kwa nyimbo yachilendo.

Panalinso chifukwa china chochotsera mawu. Anthu awiri sangalankhule nthawi imodzi n'kumveka. Woimba akamatulutsa mawu pamene iwe ukunena ako, wofunsidwayo amamva theka la uku ndi theka la uko. Ngati mukugwiritsa ntchito nyimbo yojambulidwa, mverani ndi wotchi m'manja, mupeze pamene woimba amapuma n'kusiyira zing'wenyeng'wenye, ndipo mulembe kuti ndi pa mphindi yanji. Nyimbo zambiri zotchuka zimatenga mphindi zitatu mpaka zinayi ndi theka. Mwachitsanzo "Perfect" ya Ed Sheeran ndi ya mphindi 4 ndi masekondi 23. Mawu a wofunsira, ngakhale atawakonzekera motani, kawirikawiri satha kupitirira mphindi imodzi pakamwa pasanaume. Choncho nyimbo imakhala yaitali kuposa mwambowo, ndipo muyenera kusankha chigawo chimene mukufuna, osati kungoyamba pachiyambi n'kumayembekeza kuti zikumana zokha. Woimba wamoyo amathetsa vuto limeneli chifukwa amakuonani. Angathe kubwereza chigawo chimodzi kasanu mukachedwa, n'kutsitsa mawu a gitala mukayamba kulankhula.

Mphwanga anapeza mnyamata woimba gitala kutchalitchi kwawo ndipo anapita naye ku Salima sabata imodzi tsikulo lisanafike. Ulendo umenewo unaoneka ngati wowononga mafuta, koma ndi umene unapulumutsa zonse. Choyamba anazindikira kuti ku Senga Bay nyanja ili kum'mawa, ndiye dzuwa limatuluka pamadzi koma limalowa kumtunda, kumbuyo kwa mitengo. Wofuna dzuwa lolowera m'madzi apite ku Cape Maclear. M'mwezi wa Ogasiti limalowa cha m'ma 5:30 ndipo mdima suchedwa, choncho anakokera nthawi yawo ku 4:45. Chachiwiri chinali mwera. Nyengo yozizira mphepo imeneyi imawomba kuchokera kumwera chakum'mawa, mafunde n'kumachita mkokomo, ndipo gitala wopanda sipika ankazimirira munthu akangoyenda mapazi khumi ndi asanu. Anayesa malo atatu mpaka anapeza kuseri kwa mwala waukulu, n'kumuika woimbayo mbali imene mphepo ikuchokera kuti izinyamula nyimbo kupita kwa iwo m'malo moithawitsa. Anabwerekanso kasipika ka batire.

Kenako anawerenga mapazi. Kuchokera pamene mchenga ukuyambira kukafika pamwalapo anali mapazi 120, pafupifupi mphindi imodzi ndi theka poyenda mwachifatse. Anagwirizana kuti woimbayo ayambe akangowaona aponda mchenga, azingokhudza nsambo ngati munthu woyeserera yekha, ndipo njira yeniyeni ya nyimbo ailowe atatsala mapazi 30. Chizindikiro chotsitsira mawu chinali mphwanga kuvula chipewa. Anagwirizananso chinthu chimene ambiri sachiganizira, choti woimba achite chiyani yankho likachedwa kapena likakhala lina. Mbeta silola tsiku limodzi, ndipo munthu ali ndi ufulu wonena kuti mundipatse nthawi. Anamuuza kuti zikatero asasiye mwadzidzidzi, amalize chigawocho mofatsa, anyamule gitala wake azipita.

Mfundo imeneyi ndi imodzi mwa zochepa zimene nyimbo yachilendo imapambanira. Mukagwiritsa ntchito nyimbo yanu, mwaiika pachiswe. Tsikulo likayenda molakwika, nyimbo ija imene inkathetsa mikangano idzakhala yokumbutsa manyazi, ndipo simudzaibwezeretsanso. Koma ndinganene mosabisa kuti amene akuopa zimenezi vuto lake si nyimbo. Ngati simunakambiranepo za ukwati, za ana, za kumene mudzakhale ndi za chipembedzo, nthawi ya mphete siinakwane. Chodzidzimutsa chikhale tsiku ndi malo, osati nkhani yeniyeniyo.

Amene alibe woimba ndipo adalira foni ndi sipika ya Bluetooth asamale zinthu zing'onozing'ono zimene zimagwetsa anthu. Nyimbo ikhale yosungidwa m'foni momwemo, osati yodalira netiweki, chifukwa kunyanja ndi kuphiri imadukaduka, komanso mapulogalamu aulere amalowetsa malonda pakati. Foni iikidwe pa Airplane mode kenako muyatsenso Bluetooth yokha, apo ayi aliyense woimba foni adzadula nyimboyo ndipo kulira kwa foni kudzamveka pa sipika. Nyimboyo ikhale yokha pamndandanda wake, kuti ikatha pasalumphire ina ya gule wa kubala. Ndipo foniyo agwire munthu wina. Dzanja limodzi lili ndi mphete, linalo likunjenjemera.

Tsopano za aja alibe nyimbo yawo. Si chizindikiro choti chikondi n'chochepa. Ena anadziwana ali kutali, wina ku Cape Town wina ku Mangochi, ndipo chibwenzi chawo chakulira pa foni. Ena amakonda zosiyana kotheratu, mmodzi za kwaya mnzake amapiano. Kwa otere, nyimbo yatsopano ndiye njira, ndipo ili ndi ubwino wake weniweni: ilibe fungo la munthu wina aliyense. Mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ikalira tsiku limenelo, chikumbutso chake choyamba chidzakhala mpheteyo, ndipo palibe chinanso chodzapikisana nacho. Koma musaibweretse yosaphika. Ibzaleni. Kutatsala milungu itatu kapena inayi, iyambeni kuilizira m'galimoto kapena muitumize ngati nyimbo wamba imene mwaikonda, osanena zambiri. Onani nkhope. Akaidumpha kawiri, yakanika, sakani ina. Mukamumva akuing'ung'udza yekha, yamera. Pofika tsikulo idzakhala yodziwika mokwanira kuti aizindikire, koma yatsopano mokwanira kuti ikhale ya tsiku limenelo.

Chimene sindilimbikitsa ndi kutola nyimbo chifukwa choti ndi imene aliyense amaika. "All of Me" ya John Legend, ya mu 2013, anaiimbira Chrissy Teigen amene anamukwatira chaka chomwecho. "Perfect", ya mu 2017, Ed Sheeran anailembera Cherry Seaborn, yemwe pano ndi mkazi wake. Ndi nyimbo zabwino, mawu ake ndi oyera, ndipo sizingakuchititseni manyazi. Koma zinali zamphamvu kwa eni ake chifukwa zinali za munthu mmodzi. Mtsikana amene wakhala mperekezi m'maukwati anayi wazimva zonsezi akuyenda kumbuyo kwa mkwatibwi wina. Nyimbo yotere si yachilendo moti ingamudabwitse, komanso si yanu moti ingamukumbutse kanthu. Imakhala pakati, ndipo imataya ubwino wa mbali zonse ziwiri. Ngati inalidi yanu kuyambira kale, imeneyo ndi nkhani ina, ikani mosaopa.

Pali ena amene amafuna kupeka yawoyawo. Imeneyi ndiye yachilendo yoposa zonse, ndipo ikayenda bwino palibe yofanana nayo, chifukwa ngakhale ndi yatsopano, zimene ikunena ndi zodziwika kwa womverayo. Mphamvu yake ili pa tinthu tenitenti: dzina la msika umene munakumana, mtundu wa chitenje chimene anavala, mawu amene amakonda kunena akatopa. Mukadzaza ndi nyenyezi ndi maluwa, mwapeka nyimbo ya aliyense. Ikhale yaifupi, vesi imodzi ndi kolasi, yosapitirira mphindi imodzi ndi theka. Muitsitse pang'ono kuchoka pamene mumaimbira muli nokha, chifukwa mantha amafinya kukhosi ndipo mawu okwera ndi amene amayamba kuthawa. Funso lenilenilo musaliike m'kati mwa nyimbo. Womvera sadziwa ngati ayankhe pomwepo kapena adikire muthe, ndipo kamphindi kamene kanayenera kukhala koyera kamasanduka kachisokonezo. Malizani kuimba, ikani gitala pansi, mufunse ndi mawu anu olankhula.

Tsikulo litafika, mwera unawomba kuposa sabata yapitayo. Ine ndinali patali ndi mkulu wake wa mtsikanayo, titabisala kuseri kwa bwato la asodzi. Tinawaona akutsika pamchenga, mtsikanayo atanyamula nsapato m'manja, akulankhula za wodwala wina amene anamusiya kuchipatala. Mapazi 90 oyambirira sanatembenuke n'komwe kuyang'ana woimbayo. Kenako njira ya nyimbo inalowa. Anayenda mapazi ena atatu, n'kuima. Anayang'ana mnyamata wa gitala, anayang'ana mphwanga, n'kuyamba kuseka ataphimba pakamwa, ndipo mphwanga asanavule n'komwe chipewa misozi inali itayamba kale. Sanafike pamwala paja. Anagwada pomwepo, mapazi 27 kuchokera pamene anakonza, ndipo woimbayo, poona zimenezo, anatsitsa yekha mawu a gitala osadikira chizindikiro.

Patapita masiku ndinamufunsa mlamu wangayo zimene anamva. Anati mawu a mphwanga sakuwakumbukira bwino, anachita kuwamveranso pa kanema, ndipo ngakhale pamenepo mphepo inameza theka. Chimene akukumbuka ndi pamene anazindikira nyimboyo. "Alamu, nditangoimva ndinadziwa kuti munthu uyu sakuimbira alendo. Ndinadziwiratu chimene chikubwera, ndipo mantha anandichoka."

Chinkhoswe chinachitika mu Novembala kwawo kwa mkazi. Kumeneko nyimbo sizinalinso za awiri. Dijeyi analiza zimene anthu amavina pa perekaniperekani, ndipo amayi athu anatuluka ndi "Vulindlela" ya Brenda Fassie, imene ndi mawu a mayi wonyadira kuti mwana wake wamwamuna akukwatira. Nyimbo ya kwaya ija inaimbidwa pa ukwati, m'tchalitchi, mkwatibwi asanalowe. Anaipempha yekha, ndipo amene anamugwira dzanja polowa anali amalume ake.